Lipoti la kukonza chithunzi cha kunja kwa nyumba yosanjikiza: msinkhu wa kamera ndi mawu a lenzi

Ntchito imene lipotili likufotokoza inali yokonza chithunzi cha pakompyuta, chimene ife a ntchitoyi timachitcha renda, chosonyeza kunja kwa nyumba yosanjikiza yomwe inali isanamangidwe. Ofesi yojambula mapulani inatumiza modelo ya nyumbayo, chithunzi chimene iwo anali atapanga kale, komanso mawu amene analemba m'pulogalamu yopanga zithunzi kuchokera ku mawu. Dandaulo la mwini nyumba linali lalifupi: nyumbayo ikuoneka ngati chidole, ndipo iye akufuna chithunzi chonga chimene katswiri wojambula nyumba angajambule ataima pamsewu ndi kamera yake. A ku ofesi ankaganiza kuti vuto lili pa utoto ndi kuwala, moti anali atasintha dzuwa, udzu ndi magalasi kangapo konse, koma dandaulo silinasinthe.

Miyeso ya nyumbayo ndi iyi, chifukwa zonse zotsatira zadalira pa iyo. Kutsogolo ndi yotambalala mamita 14, kulowa kumbuyo ndi mamita 10, ndipo denga lake ndi lafulati, msonga ya khoma ili pa mamita 7 kuchokera pansi. Simenti ya m'nyumba yakwera masentimita 30 pamwamba pa bwalo, chitseko cha kumaso n'chotalika mamita 2.1, ndipo mpanda wa mamita 1.8 uli pa mtunda wa mamita 8 kutsogolo kwa nyumba. Malo onse, kuyambira pamsewu mpaka pabwalo, ndi athyathyathya.

Zimene chithunzi choyamba chinkaonetsa

Ndisanatsegule modelo ndinayamba ndafufuza mzere wa chizimezime pachithunzicho. Njira yake ndi yapafupi: mumatenga mizere iwiri ya khoma la m'mbali yomwe pa nyumba yeniyeni imayenda mofanana, monga msonga ya khoma ndi tsinde lake, n'kuitalikitsa mpaka pamene yakumana. Pamene yakumanapo ndi pa chizimezime, ndipo mzere umenewu nthawi zonse umadula zinthu pa msinkhu umene kamera yaima. Pachithunzichi mzerewo unkadutsa m'munsi mwa mawindo a m'mwamba, kutanthauza kuti kamera inali pa mamita pafupifupi 4. Umboni wina unali poyera: pamwamba pa galimoto yoima pabwalo pankaoneka ponse, ngakhale denga la khonde linkaoneka kuchokera kumwamba. Munthu woima pamsewu saona zimenezi, ndipo diso la aliyense limadziwa kuti zinthu zimene timaziona pamwamba pake nthawi zambiri ndi zazing'ono kuposa ife. Pamenepo ndi pamene chidole chinayambira.

Nditatsegula modelo mu Blender, pulogalamu yopangira modelo ndi renda, ndinapeza kuti kamera inalidi pa mamita 4, ili ndi lenzi ya mamilimita 18, itaima mamita 9 okha kuchokera ku nyumba, komanso itaweramitsidwa pang'ono kuti maluwa a pabwalo alowe. Kuweramako kunachititsa kuti makoma atasuke kumwamba n'kupanikizana kumunsi, moti nyumbayo inkaoneka ngati ikugwera woonera. Ndipo mawu amene anawonjezera pamwamba pa zonsezi anali awa:

```
modern house exterior, tilt-shift, ultra wide angle, f/1.8, bokeh, 8k
```

Mawu amenewa tibwereranso kwa iwo. Chachikulu n'chakuti panali mavuto a mitundu iwiri amene anasakanikirana, lina la malo a kamera ndi lina la mawu, ndipo sakonzedwa ndi chida chimodzi.

Msinkhu wa kamera

Ndinaika kamera pa mamita 1.6. Akatswiri ojambula nyumba amakonda kuimika kamera pa miyendo yake itatu penapake pakati pa chifuwa ndi maso a munthu wamkulu, ndipo 1.6 ili m'gawo limeneli. Sindikunena kuti nambalayi ndi lamulo, pakuti kusiyana kwa 1.5 ndi 1.7 n'kovuta kukuona pa nyumba imene ili kutali mamita 20. Chimene chimaoneka msanga ndi kudutsa malire ena ake. Kamera ikangopitirira msinkhu wa chitseko, mzere wa chizimezime umakwera pamwamba pa mitu ya anthu onse a m'chithunzi, ndipo woonera amamva kuti wakwezedwa pa chinachake. Ikatsika kufika m'mawondo, msewu ndi udzu zimaphwatalala n'kusanduka kamzere, ndipo nyumba ya banja imayamba kudzikweza ngati nyumba ya boma. Pali ntchito zimene zimafuna maonekedwe oterowo, koma iyi sinali imodzi mwa izo.

Pofuna kutsimikiza kuti msinkhu uli bwino ndimagwiritsa ntchito chitseko, chifukwa ndi chinthu chimene aliyense amadziwa kukula kwake popanda kuuzidwa. Apa pali kanthu kamene anthu ambiri amaiwala: msinkhu wa kamera umayezedwa kuchokera pamene kamerayo yaima, osati pa simenti ya m'nyumba. Popeza simenti yakwera masentimita 30, chizimezime chiyenera kudula chitseko pa mamita 1.3 kuchokera m'munsi mwake, ndiko kuti pamwamba pang'ono pa chogwirira. Chiyeso chachiwiri ndi cha anthu: pa malo athyathyathya, mitu ya akuluakulu onse oimirira, kaya ali pafupi kaya ali kutali, iyenera kukhala pafupifupi pa mzere umodzi, ndipo mapazi awo ndiwo azikwera kapena kutsika m'chithunzi. Munthu amene mutu wake uli m'munsi kwambiri mwa mzerewo amaoneka ngati mwana, ndipo amene wapitirira kwambiri amachepetsa nyumba yonse.

Kutsitsa kamera kunabweretsa vuto lake. Mpanda wa mamita 1.8 ndi wautali kuposa kamera, choncho unabisa pafupifupi chitseko chonse. A ku ofesi anapempha kuti ndikweze kamera pang'ono kuti tione pamwamba pa mpandawo, ndipo ndinawerengera kuti tione ngati n'zothandiza. Kuchokera pa malo amene ndinasankha, mamita 22 kuchokera ku nyumba, mpanda uli pa mamita 14. Kamera itakwezedwa kufika pa mamita 2.4, mpandawo ukanabisabe pafupifupi mita imodzi ndi theka ya khoma, pamene ife tataya kale maonekedwe a munthu woimirira. Phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi chotayika. M'malo mwake ndinatsegula geti, lomwe pa pulani ndi la mamita 4, n'kusuntha kamera cham'mbali mpaka chitseko chinagwera pakati pa mpata wa getilo. Kudzera pa mpata umenewo pamaoneka mamita opitirira 6 a khoma la pansi, omwe ndi chitseko, khonde ndi windo limodzi. Wojambula weniweni akadachitanso chimodzimodzi, kupempha kuti amutsegulire geti.

Mtunda ndi lenzi

Anthu amakonda kunena kuti lenzi yotambalala imapotoza nyumba, koma chimene chimasintha kaonekedwe ka kuya ndi mtunda umene kamera yaima. Lenzi imangosankha kuti gawo lalikulu bwanji la zimene zili kutsogolo lilowe m'chithunzi. Pa kamera yoyamba ija, khoma la kutsogolo linali pa mamita 9 ndipo ngodya ya kumbuyo inali pa mamita pafupifupi 19, choncho kutsogolo kunkaoneka kwakukulu kuposa kumbuyo kowirikiza kawiri ndi kupitirirapo. Pa mamita 22 ngodya ya kumbuyo ili pa mamita 32, ndipo kusiyanako kumatsika kufika pafupifupi kamodzi ndi theka. Nyumba imakhazikika, khoma la m'mbali limasiya kuthawa mwamsanga. N'chifukwa chake ndimayamba ndasankha poima, lenzi n'kubwera pambuyo. Mamita 22 ndinawatenga pa pulani ya malo, chifukwa ndi pamene pali tsidya lina la msewu. M'pulogalamu mungathe kuika kamera kutali kulikonse, ngakhale m'kati mwa nyumba ya oyandikana nawo, koma chithunzi chojambulidwa pamalo amene munthu sangaime chimadzatsutsana ndi zimene mwini nyumba adzaone ikadzamangidwa.

Kuwerengera lenzi n'kosavuta ngati sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kamera, ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, yomwe ndi miyeso ya filimu yakale ija imene manambala a malenzi ambiri amatengerapo tanthauzo. Kutalika kumene chithunzi chimakwanitsa pa mtunda wina wake kumapezeka motere:

```
kutalika = mtunda x 24 / lenzi
22 x 24 / 35 = 15.1
```

Lenzi ya mamilimita 35 pa mamita 22 imatenga mamita 15 kuchokera pansi kufika pamwamba pa chithunzi, ndi mamita pafupifupi 22 ndi theka m'mbali. Nyumba ya mamita 14 imakwana bwino n'kutsala malo a mitengo. Lenzi ya 24, yomwe ndi yokondedwa kwambiri pa ntchito yojambula nyumba, ikanatenga gawo lomwelo kamera ili pa mamita 15, ndipo ndikadaisankha msewu ukadakhala wopapatiza. Kwa nyumba yokhalamo, malo obwerera m'mbuyo akakhalapo, ine ndimakonda 35. Muonetsetse kuti sensa m'pulogalamu ilidi pa 36, ndipo chithunzi chili pa muyeso wa 3:2, apo ayi nambala ya lenzi ndi zowerengerazi sizigwirizana.

Kuimika makoma

Chizindikiro chachikulu cha chithunzi cha katswiri ndi chakuti mizere yonse yoimirira, ya ngodya, mafelemu ndi zipilala, imakhala yoimirira ndithu, yofanana ndi m'mphepete mwa chithunzi. Zimenezi zimatheka pokhapokha kamera ikakhala yosapendekera kumwamba kapena pansi. Mu Blender zikutanthauza kuti `Rotation X` ikhale pa madigiri 90 enieni. Koma kamera yosapendeka imaika chizimezime pakati penipeni pa chithunzi. Pa nkhani yathuyi theka la pamwamba linkafika pa mamita 9.1, kusiya thambo lochepa pamwamba pa nyumba, pamene pafupifupi magawo awiri mwa asanu a chithunzi anali msewu ndi bwalo basi.

Apa ndi pamene munthu amafuna kudzutsa kamera kuti iyang'ane m'mwamba, ndipo akangotero makoma amayamba kupendekerana ngati nyumba ikugwa chagada. Ojambula nyumba amapewa zimenezi ndi lenzi yapadera imene imasunthira m'mwamba kamera ili chikhalire, ndipo malenzi otere a kamera za sensa ya 36 amasuntha mpaka mamilimita pafupifupi 12. Mu Blender zomwezo zimachitika ndi `Shift Y`, imene nambala yake ndi gawo la mbali yaitali ya chithunzi. Ndinafuna kusuntha mamilimita 4, choncho ndinagawa 4 ndi 36 n'kupeza 0.11. Pa mtunda wa nyumba zimenezi zinakweza chithunzi ndi mamita awiri ndi theka: pamwamba panafika pa mamita 11.6, thambo linatenga pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo msewu ndi bwalo zinatsika kufika pochepera gawo limodzi mwa anayi. Ndimayesetsa kusapitirira malire a lenzi yeniyeni, ngakhale pulogalamu imalola, chifukwa kusuntha kwambiri kumatalikitsa nsanjika ya pamwamba, mawindo ake n'kumaoneka aatali kuposa mmene alili.

```
Location Z    1.6 m
Rotation X    90°
Focal Length  35 mm
Sensor Width  36 mm
Shift Y       0.11
```

Mawu a lenzi

Renda yotuluka pa kamera imeneyi inali kale yosiyana kwambiri ndi yoyamba, ngakhale kuwala ndinali ndisanakhudze. Ofesi inkafuna kuti idutsebe m'pulogalamu ya Stable Diffusion, yopanga zithunzi kuchokera ku mawu ija, kuti udzu, masamba ndi khoma zikhale ndi tizilema ta zinthu zenizeni. Chofunika kumvetsa apa n'chakuti pulogalamu yotere ilibe kamera m'kati mwake. Mukalemba `35mm` siwerengera ngodya ya lenzi monga tachitira pamwambapa, koma imakokera chithunzi ku maonekedwe a zithunzi zimene zinali ndi mawu amenewo pamene inkaphunzitsidwa. Funso loyenera pa liwu lililonse si lakuti kodi wojambula amagwiritsa ntchito chida chimenechi, koma lakuti kodi zithunzi zimene anthu amazilemba dzina limeneli zimaoneka motani.

Chitsanzo chabwino koposa ndi `tilt-shift`. Amene analemba mawuwa sanalakwitse pa nkhani ya zida, chifukwa limeneli ndi dzina lenileni la lenzi yosuntha ija. Vuto n'lakuti lenzi imeneyi imachita zinthu ziwiri. Kusuntha ndi kumene kumaimika makoma, pamene kupendeka kwa galasi kumatha kusiya kachigawo kopapatiza kakuoneka bwino, pamwamba ndi pansi pali mbuu. Kachitidwe kachiwirika ndi kamene kanatchuka, makamaka pa zithunzi za mizinda zojambulidwa kuchokera m'mwamba zimene zimapangidwa dala kuti zioneke ngati timodelo tapatebulo. Choncho liwu limene linalembedwa kuti libweretse ukatswiri ndi limene linkalimbikitsa chidole, ndipo kamera ya pa mamita 4 inkagwirizana nalo kwambiri. Nditalichotsa, mbewu, nambala imene pulogalamu imayambira popanga chithunzi, ili yomweyo, mbuu wa pa msewu ndi pa msonga ya denga unachepa nthawi yomweyo.

Mawu a `f/1.8` ndi `bokeh` amachokera ku zithunzi za nkhope ndi za tinthu tapafupi, momwe kumbuyo kumasungunuka. Nyumba sijambulidwa choncho. Ojambula nyumba amatseka kabowo ka lenzi kufika pa f/8 kapena f/11 kuti zonse zioneke bwino, ndipo lenzi ya 35 pa f/8, italunjika pa nyumba ya pa mamita 22, imaonetsa bwino chilichonse kuyambira pa mamita pafupifupi 4 mpaka kumapiri. Pachithunzi chathu nthaka yapafupi kwambiri imene ikuoneka ili pa mamita 7, kotero palibe chimene chiyenera kukhala mbuu. Diso likaona nyumba yathunthu ili pakati pa mbuu wa kutsogolo ndi wa kumbuyo limaganiza kuti chinthucho ndi chaching'ono ndipo chili pafupi, pakuti m'moyo weniweni ndi zinthu zotero zimene zimaoneka choncho. Za `ultra wide angle` sizifuna kufotokoza zambiri: zimakoka ngodya za chithunzi, nthawi zina n'kupinda mizere ya m'mphepete. Ndipo `8k` ndinaichotsa chifukwa sinena chilichonse chokhudza kamera.

Polemba mawu atsopano ndinatsatira mfundo imodzi, yakuti ndifotokoze zimene ziyenera kuoneka m'chithunzi, dzina la chida likhale lothandizira chabe.

```
architectural photograph of a two-storey house, eye-level view from the street,
straight vertical lines, two-point perspective, 35mm lens, f/8,
everything in sharp focus
```

Ndipo m'bokosi la zosafunika ndinaika izi:

```
tilt-shift, miniature, bokeh, fisheye, aerial view, low angle
```

Pa msinkhu ndinalemba `eye-level` m'malo mwa nambala. Pa mayesero anga, kulemba `camera height 1.6 m` sikunasinthe kanthu kodalirika, ndipo n'zomveka, chifukwa anthu salemba kawirikawiri mamita a kamera pansi pa zithunzi zawo, pamene mawu onena kuti chithunzi chajambulidwa pa msinkhu wa maso kapena kuchokera m'mwamba ndi ofala. Mawu a `from the street` amathandizanso, chifukwa amapatsa kamera malo oima amene ali pansi. Nambala ya `35mm` ili ndi msampha wake waung'ono: ikakhala yokha ingathe kumveka ngati filimu ya mamilimita 35, n'kubweretsa timadontho ndi mitundu yakale, ndiye n'chifukwa chake liwu la `lens` liyenera kutsatira pomwepo. Sindinatchule dzina la kampani ya kamera iliyonse. Ena amakhulupirira kwambiri mayina oterowo, koma ine ndimaona kuti akasintha kanthu amasintha mtundu ndi kuwala, osati poima kamera.

Malire a mawu

Mawu okha, ngakhale olembedwa bwino chotere, sangakupatseni mamita 1.6 kapena makoma oimirira nthawi zonse. Ndinayesa kupanga zithunzi ndi mawuwa popanda renda kumbuyo kwake kuti a ku ofesi aone: zambiri zinali pa msinkhu wa munthu, koma zina zinakwera, zina makoma ake anapendekerana pang'ono, ndipo palibe chimene chinali nyumba ya pa pulani. Choncho ntchito inagawidwa pawiri. Kamera ya mu Blender ndiyo inagwira msinkhu, mtunda ndi mizere, ndipo kuchokera pa iyo ndinatulutsa renda pamodzi ndi mapu a kuya, chithunzi chotuwa chosonyeza chimene chili pafupi ndi chimene chili kutali. Mapuwo ndinawapereka kudzera mu ControlNet, chowonjezera chimene chimachititsa Stable Diffusion kutsatira mapu otere, renda n'kukhala poyambira, ndipo `denoising strength`, nambala yonena kuchuluka kwa zimene pulogalamu ingasinthe pa renda, ndinaiika pa 0.35. Ntchito ya mawu inangotsala yosatsutsana ndi kamera. Zimenezi n'zofunika, chifukwa mawu akamanena za lenzi yotambalala kwambiri pamene mapu a kuya akuchokera pa lenzi ya 35, pulogalamu imayesa kukwaniritsa zonse ziwiri, ndipo zotsatira zake zimaonekera m'mphepete: mitengo yopindika, mpanda wokhota, mitambo yokokedwa.

Nditakweza `denoising strength` kufika cha m'ma 0.6 chithunzi chinakongola kwambiri poyang'ana koyamba, koma mafelemu a mawindo anayamba kusintha, ndipo mthunzi wa khonde unasiya kugwirizana ndi mbali imene dzuwa lili. Kwa ofesi ya mapulani chithunzi chotere n'chosagwira ntchito, kaya chikongole bwanji.

Kuyeza komaliza ndinakuchita poika chithunzi chomalizidwa pamwamba pa renda yoyambirira n'kujambula mizere yowongolera. Mizere yoimirira itatu, pa ngodya ziwiri za kutsogolo ndi pa felemu la chitseko, inagwirizana ndi makoma. Mzere wa chizimezime unadula chitseko pamwamba pang'ono pa chogwirira monga tinawerengera. Cholakwika chimodzi chinapezeka pa munthu amene pulogalamu inamukonza pafupi ndi geti: mutu wake unali pamwamba kwambiri pa mzerewo, moti poyerekeza ndi mpanda wa mamita 1.8 anali wopitirira mamita awiri, ndipo nsanjika ya pansi inkaoneka yaifupi chifukwa cha iye. Ndinamuchepetsa mpaka maso ake anafika pa mzere, mapazi ali pamalo omwewo. Pa windo lina la m'mwamba pulogalamu inawonjezera kachitsulo kopingasa kamene pa pulani palibe, ndipo gawo limenelo ndinalibwezeretsa kuchokera pa renda yoyambirira ndisanatumize chithunzicho pamodzi ndi fayilo ya kamera, kuti zithunzi zina za nyumbayi, kuphatikizapo cha madzulo chimene ofesi inapempha, zidzajambulidwe pa malo omwewo.